Thumba la chakudya cha nkhuku likagulitsidwa m'nyumba momwemo

Chaka cha 1918, Alfred Sloan ankayendetsa United Motors, kampani yopanga zipangizo za galimoto imene inalowa m'manja mwa General Motors ku America. Katundu wake wambiri ankapita ku nthambi zina za kampani yomweyo, ndipo funso linamuvuta: ngati wogula ndi wogulitsa ali pansi pa denga limodzi, adziwa bwanji nthambi imene ikupindula? Yankho limatsamira pa mtengo wogulitsirana mkati mwa kampani, umene mpaka lero umadanitsa mamanejala.

Tiyerekeze kampani ya nkhuku yokhala ndi nthambi ziwiri: chigayo chopanga chakudya ndi famu yoweta. Manambalawa ndi achitsanzo chabe. Thumba la makilogalamu 50 limadya K40,000 pa chimanga, soya, mavitamini ndi magetsi. Pamwamba pake pali K10 miliyoni ya malipiro ndi kusamalira makina, imene imatuluka mwezi uliwonse, chigayo chigaye kapena chisagaye. Famu imatenga matumba 1,000 pamwezi, imagulitsa nkhuku za K100 miliyoni, ndipo anapiye, katemera ndi antchito zimaidyera K30 miliyoni.

Likulu likalamula kuti thumba lizipita ku famu pa K50,000, chigayo chimangobweza zimene chalowetsa, phindu palibe, pamene famu imaonetsa K20 miliyoni. Likati agulitsane pamtengo wa pamsika, K65,000, chigayo chimadzuka ndi K15 miliyoni, famu n'kutsala ndi K5 miliyoni. Kampani yonse yapeza K20 miliyoni monsemuwiri. Palibe tambala yalowa kapena kutuluka pageti.

Komatu manejala sayezedwa ndi phindu la kampani yonse. Amamuyeza pogawa phindu la nthambi yake ndi chuma chimene anamupatsa, ndipo bonasi imachokera pamenepo. Ngati makola ndi magalimoto a famu ndi a K400 miliyoni, mtengo woyamba umamupatsa 5 peresenti pamwezi, wachiwiri 1.25 peresenti. Nkhuku n'zomwezo, khama n'lomwelo, koma pepala likumutcha katswiri kapena waulesi.

Ngozi yeniyeni imabwera munthu wakunja akagogoda ndi thumba la K58,000. Manejala wa famu, amene mnzake amamulipiritsa K65,000, sachedwa kuvomera, ndipo phindu lake limakwera kufika K12 miliyoni. Ndani angamudzudzule? Koma ngati chigayo chilibe kwina kogulitsa matumba aja, makina amaima, K10 miliyoni ija ikutulukabe. Kampani yatsala ndi K2 miliyoni basi. Yalipira K58,000 pa chinthu chimene ikanadzipangira ndi K40,000, ndipo K18,000 pa thumba lililonse yapita kwa mlendo. Chizindikiro chake sichisowa: malole a eni ake akutsitsa chakudya pafamu, antchito a kuchigayo akuwothera dzuwa.

Nkhani imatembenuka chigayo chikakhala chodzaza ndi maoda. Thumba lililonse lopita ku famu ndiye kuti lalandidwa kwa kasitomala wa K65,000. Tikachotsapo K3,000 yonyamulira ndi kutsatsa, chigayo chikanapeza K62,000. Apa kugula kunja pa K58,000 kumapindulira kampani K4,000 pa thumba, malinga ngati chakudyacho chikunenepetsa nkhuku mofanana.

N'chifukwa chake akatswiri owerengera ndalama amati mtengo wotsikitsitsa umene nthambi yogulitsa ingavomere ndi zimene imawononga popanga thumba limodzi loonjezera, kuphatikizapo phindu limene yataya posagulitsa kunja. Makina akakhala ndi mpata, malirewo ndi K40,000. Akadzaza, ndi K62,000. Katswiri wa zachuma Jack Hirshleifer anafotokoza maziko a ganizoli mu 1956.

Vuto n'lakuti pa K40,000 chigayo chimaoneka choluza mwezi ndi mwezi, ndipo palibe manejala angasekerere zimenezo. Makampani ena amadula mtengowo pawiri: famu imalipira K40,000 pa thumba, kenaka ndalama yokhazikika pamwezi, mwachitsanzo K15 miliyoni, yokwanira malipiro, makina ndi kaphindu. Motero manejala wa famu akamaganiza zogula thumba lina amaona mtengo wake weniweni, ndipo wakunja wa K58,000 samukopanso. Ena amasiya awiriwo akambirane okha, ngakhale kuti pamenepo wopambana amakhala wa pakamwa pakuthwa.

Mtengo wongoonjezera phindu pa zonse zimene chigayo chawononga uli ndi msampha wakenso. Chimanga chikafumbwa m'nkhokwe, kutayikako kumalowa m'thumba n'kukagwera famu. Pofuna kutseka khomo limeneli, makampani osamala amagwirizana mtengo chaka chisanayambe potengera zimene thumba liyenera kudya, ndipo chopyola pamenepo chimalembedwa m'buku la chigayo.