Chifukwa chake timawiritsa mkaka ndi kuthira nsomba mchere

Ambiri a ife tikafuna kudziwa ngati chakudya chili bwino timangochinunkhiza. Nsomba ikamanunkha timataya, mkaka ukasasa timadziwa kuti wagona. Koma mphuno simatiuza zonse. Pali tizilombo tamitundu iwiri tomwe timalowa m'chakudya, ndipo mphuno imagwira mtundu umodzi wokha.

Mtundu woyamba ndi tizilombo towoletsa. Timeneti timadya mnofu wa nsomba kapena shuga wa mu mkaka, n'kumatulutsa fungo, thovu ndi zoterera. Timaononga malonda, inde, koma timadziulula tokha. Mtundu wachiwiri ndi tizilombo toyambitsa matenda, monga tomwe timabweretsa kolera, taifodi ndi TB ya ng'ombe. Timeneti nthawi zambiri sitisintha fungo, mtundu ngakhale kakomedwe. Mkaka ukhoza kukhala woyera bwinobwino, wokoma, koma uli ndi TB yochokera kwa ng'ombe yodwala. Apa m'pamene pagona vuto.

Mitundu yonse iwiri imafuna zinthu zofanana kuti iswane: chinyezi, kutentha pang'ono ndi nthawi. Kukafunda ngati mmene kumakhalira ku Mangochi kapena ku Salima mu Okutobala, mabakiteriya ena amadzigawa pawiri mphindi 20 zilizonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kachilombo kamodzi, pakatha ola limodzi, timakhala tili 8. Pakatha maola atatu tafika 512. Pakatha maola 7 tadutsa 2 miliyoni. Ndiye ganizirani nsomba yomwe yafera mu ukonde pakati pausiku, yafika padoko dzuwa litatuluka, kenako yadikira wogula mpaka masana. Ndipotu siyamba ndi kachilombo kamodzi ayi, chifukwa m'matumbo, m'makha ndi pakhungu pake mumakhala kale tambirimbiri.

Choncho njira zotetezera chakudya zimachita chimodzi mwa ziwiri: kupha tizilombo kapena kutilanda chomwe timafuna. Moto umapha. Mchere umalanda madzi.

Tiyambe ndi mkaka. Mkaka wa m'mapaketi womwe timagula mu furiji ya m'sitolo umakhala utadutsa m'njira yotchedwa pasichalaizeshoni. Dzinali likuchokera kwa Louis Pasteur, wasayansi wa ku France, yemwe m'zaka za m'ma 1860 anaonetsa kuti kutenthetsa chakumwa pang'ono, osachita kuchiwiritsa, kumachiteteza kuti chisaonongeke msanga. Kwa mkaka, muyezo wake ndi madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena madigiri 72 kwa masekondi 15. Onani kuti kutentha kukakwera, nthawi imachepa. Manambalawa sanangosankhidwa mwachisawawa. Anawaika poyang'ana tizilombo touma mutu kwambiri mwa tomwe timayambitsa matenda kudzera mu mkaka, kuphatikizapo ta TB. Timeneti tikafa, ndiye kuti tofooka monga salimonela ndi tomwe timayambitsa matenda a buruselosisi, aja opangitsa ng'ombe ndi mbuzi kutaya bere, tafa kale.

Kunyumba ambiri tilibe choyezera kutentha, ndiye kungofunditsa mkaka n'kumati wakwana ndi kudzinamiza. Uwiritseni mpaka ufufume, uku mukutakasa kuti usapserere pansi. Koma dziwani malire ake. Pali mabakiteriya ena omwe amadzitsekera m'kachikopa kolimba ngati njere, ndipo amapulumuka ngakhale mkaka utawira. Mkaka ukamazizira pang'onopang'ono pambali pa moto, njerezi zimadzuka n'kuyamba kuswana popanda wopikisana nazo. N'chifukwa chake mukaphula, muvundikire poto n'kumuika m'beseni la madzi ozizira, ndipo ngati mulibe furiji mkakawo umwedwe tsiku lomwelo. Mukauthiranso m'chigubu chomwe munakamiramo osachitsuka ndi madzi otentha, ntchito yonse ija yapita pachabe.

Nanga chambiko? Ena amati kuwawasa kumapha zonse. Kumachepetsa tizilombo tina, koma ta TB timatha kupirira mu mkaka wosasa kwa masiku angapo. Njira yabwino ndi kuwiritsa kaye mkaka, kuuziziritsa mpaka ukhale wofunda chabe, kenako n'kuthiramo chambiko pang'ono chabwino kuti chiyambitse.

Tsopano mchere. Mukawaza mchere pa tomato wodula, posakhalitsa mumaona madzi akutuluka. Zomwezo zimachitika ku mnofu wa nsomba, komanso ku kachilombo kenikeniko: mchere umakoka madzi m'thupi mwake mpaka kamafota n'kulephera kuswana. Koma kuti izi zitheke, mchere uyenera kuchuluka ndiponso kufika mkati mwenimweni mwa mnofu. Mabakiteriya ambiri owoletsa amasiya kuswana mchere ukafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi a mu mnofumo. Kamchere kongowaza ngati ka m'ndiwo sikafika pamenepo.

Tiyerekeze kuti muli ndi kampango wolemera makilogalamu 12 mutamutumbula kale. Muyezo wodziwika ndi kilogalamu imodzi ya mchere pa makilogalamu atatu a nsomba, ndiye mufunika makilogalamu anayi. Chotsani matumbo ndi makha nsomba ikangofika, tsukani magazi a m'mphepete mwa msana ndi madzi aukhondo, osati a m'mbali mwa doko momwe anthu amachapira ndi kusamba. Ing'ambeni kuti iyalike, ndipo pomwe pali mnofu wochindikala chekani mizere kuti mchere upeze polowera. M'chidebe cha pulasitiki yalani mchere pansi, kenako nsomba, mchere, nsomba, n'kutsiriza ndi mchere wambiri pamwamba. Gwiritsani ntchito mchere wa mibulu. Wosalala kwambiri umaumitsa kunja mofulumira, kunjako n'kulimba, mkati n'kutsala mwauwisi.

Pofika mawa lake mupeza nsomba zili m'madzi amchere otuluka m'thupi mwake. Zitsendereni ndi mwala woyera kuti zimire, chifukwa mafuta a kampango akamakhudzana ndi mpweya amachita chikasu n'kuyamba kununkha. Zisiyeni masiku atatu kapena kuposerapo malinga ndi kuchindikala kwake. Mudziwa kuti mchere walowa mukadina ndi chala pafupi ndi fupa la msana n'kupeza mnofu wagwira, wosabonyoka. Zikatero tsukani mchere wa pamwamba n'kuyanika pathandala, osati pamchenga. Tsiku loyamba ziyambe pamthunzi podutsa mphepo, kuti dzuwa lisaumitse khungu lokha n'kutsekera madzi mkati.

Zikalakwika zimaoneka. Nsomba youma kunja koma yofewa ndi yonunkha pafupa, ndiye kuti mchere unachepa kapena munachedwa kuthira. Mawanga ofiirira oterera amabwera ndi mabakiteriya okonda mchere, omwe nthawi zambiri amachokera mu mchere womwewo, ndipo amaswana nsomba ikasungidwa ponyowa ndi pofunda. N'chifukwa chake mchere womwe wagwira kale ntchito usabwerezedwe.

Pomaliza, mchere siubweza nsomba yomwe yayamba kale kuwola, ndipo tizilombo tambiri umangotigonetsa, sutipha. Mukaviika nsomba ija m'madzi kuti mchere usukuluke musanaphike, tizilombo timadzukanso, choncho iphikeni nthawi yomweyo mpaka ipse. Palinso kachilombo kotchedwa sitafilokokasi, komwe kamakhala m'zilonda ndi m'mphuno za anthu. Kameneka kamapirira mchere, ndipo poizoni wake saphwanyika ndi moto wophikira. Wodya amayamba kusanza patangopita maola ochepa. Choncho amene ali ndi bala la mafinya pachala asagwire nsomba kapena kukama ng'ombe mpaka balalo litapola.