Mbalame yofiira yomwe imada dzuwa likamalowa

Munthu akaona mbalame yachilendo n'kumafotokozera mnzake, choyamba kutchula chimakhala mtundu: inali yofiira, inali yachikasu, inali yakuda bii. Palibe cholakwika pamenepo, chifukwa mtundu ndi umene umakopa diso msanga. Vuto ndi lakuti pa mboni zonse zimene zingatiuze dzina la mbalame, mtundu wa nthenga ndiye mboni yosachedwa kusintha mawu. Umasintha ndi ola, umasintha ndi mwezi, umasinthanso ndi msinkhu wa mbalameyo. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yambiri mwa iyo ili ndi maonekedwe awiri kapena atatu. Wodalira mtundu wokha amatha kuwerenga mbalame imodzi katatu.

Zina mwa zosokonezazi zimachokera m'diso lathu lomwe. Mkati mwa diso muli timaselo tamitundu iwiri tolandira kuwala. Tina timasiyanitsa mitundu, koma timafuna kuwala kokwanira. Tina timagwira ntchito kukakhala kamdima, koma sitidziwa kufiira kapena kubiriwira. Timangoona kuwala ndi kuda. Dzuwa likamalowa, toyamba tija timafooka, tachiwiriti n'kumatenga malo. Mitundu siizimirira nthawi imodzi ayi. Kufiira ndiko kumayamba kuthawa n'kusanduka kuda, pomwe kubiriwira ndi mtundu wa thambo zimatsalira kanthawi, mwina n'kuoneka zowala kuposa kufiira kuja. Katswiri wa za thupi la munthu wa ku Czech, Jan Purkyne, anafotokoza zimenezi cha m'ma 1820, ndipo aliyense angadziyesere yekha poyang'ana duwa lofiira ndi masamba ake nthawi ya chisisira. Kwathu kuno, dzuwa likangobisala sipatha theka la ola mdima usanagwire, choncho kusinthaku kumachitika mofulumira kwambiri.

Tsono taganizani kuti muli m'mphepete mwa dambo mu Febuluwale, nthawi itangopitirira 6 koloko madzulo, kaya ndi ku Chilwa kapena kudambo la kumudzi kwanu. Pansonga ya bango pakhala kambalame kakuda. Mnzanu akuti ndi mnthengu. Kodi mungatsimikize bwanji popanda mtundu?

Yambani ndi kukula kwake ndi mchira. Mnthengu ndi wotalika pafupifupi masentimita 25, mchira wake ndi wautali, wamphanda kumapeto, ndipo umakhala chilili panthambi, n'kumadumphira m'mwamba kugwira tizilombo kenaka n'kubwerera pomwepo. Kambalame kathuka n'kochepa ndi theka, kathupi konenepa, kamchira kafupi, mlomo wake wokhuthala wa mbalame yodya mbewu. Kakauluka kamafufumitsa nthenga n'kumayandama pang'onopang'ono pamwamba pa bango, mapiko akunjenjemera, kakulira mosisita. Mnthengu suchita zimenezo. Imeneyi ndi yaimuna ya mbalame ya m'gulu la atchete imene mabuku amaitcha bishopu wofiira, ndipo masana imayaka ngati khala la moto: khosi ndi msana zofiira, nkhope ndi mimba zakuda. Chisisira chadya kufiirako, kwatsala kuda kokhakokha.

Pali ina yomwe imasokoneza mofananamo, yaimuna yakuda thupi lonse, ya mchira wautali wolendewera, yokhala ndi kamzere kofiira pakhosi. Kukangoda pang'ono kamzereko sikaonekanso. Koma mchira umaoneka ngakhale mumdima, ndipo kauluke kake kochedwa, mchira utazolikira pansi, n'kokwanira kuidziwa.

Mukabwerera padambo lomwelo mu Julayi, simupezapo chofiira chilichonse ngakhale masana dzuwa lili paliwombo. Ambiri amati mbalamezo zinapita kwina. Zina zimasunthadi kukafuna chakudya, koma zambiri zimakhala zili pafupi pomwepo, zitangosintha nthenga. Zazimuna zimavala zofiira ndi zakuda nthawi yoswana yokha, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo kapena Meyi, pamene udzu uli wautali ndipo mbewu zake zachuluka. Nthawiyo ikatha, nthenga zija zimathothoka, m'malo mwake mumamera zamtundu wa udzu wouma, zamizeremizere kumsana, zofanana ndi za yaikazi. Ya mchira wautali ija imataya ndi mchira womwe. Mlomo, womwe unali wakuda, umatuwa. Kenaka zimasonkhana m'magulu akuluakulu m'minda yokololedwa, ndipo anthu amangoti ndi mpheta.

Nthenga ikakula imakhala yakufa, mulibenso magazi. Mbalame singaisinthe mtundu. Imayenera kuitaya n'kumeretsa ina. N'chifukwa chake mu Novembala ndi Disembala, komanso cha mu Meyi, mumakumana ndi mbalame zamathothomathotho, pena pofiira, pena pakuda, pena potuwa. Sizidwala, ndipo si mtundu watsopano. Zili pakati pa kusintha. Nthenga yakale nayonso imasuluka ndi dzuwa n'kuperepeseka m'mphepete, motero mbalame yomwe yatsala pang'ono kusintha imaoneka yotumbuluka kuposa inzake yomwe yangomeretsa zatsopano.

Kusiyanitsa mbalame zimenezi m'nyengo yachisanu ndi ntchito yovuta, ndipo ngakhale akatswiri amasiya zina osazitchula dzina. Komabe zina zimasiya chizindikiro. M'dziko muno muli abishopu ofiira amitundu iwiri amene amafanana kwambiri: wina mapiko ake ndi amtundu wa khofi ndipo chipumi chake n'chakuda, wina mapiko ake ndi akuda ndipo kufiira kumakwera mpaka pamutu. Wa mapiko akudayu, wamwamuna wamkulu amakhala nawobe mapiko akudawo ngakhale thupi litatuwa. Palinso wakuda wokhala ndi chikasu pamapewa ndi kumsana chakumchira. Chikasucho sichichoka chonse, ndipo chimaoneka akamauluka. Nzeru yake ndi kudikira gulu lidzambatuke n'kuyang'ana mapiko, osati kulimbana nazo zili pansi. Onjezani apa kuti yaimuna ya bishopu wofiira kawirikawiri siivala zofiira m'chaka chake choyamba. Choncho kambalame kotuwa kamene mwakaona pakati pa dzinja sikuti ndi kakakazi nthawi zonse. Kangakhale kakamuna kakang'ono.

Kakowa woyenda ndi ng'ombe amaphunzitsa china. Dzuwa likapendeka, kuwala kwake kumafiirira, ndipo mbalame yoyera iliyonse imatenga mtunduwo. Koma kakowa ameneyu amakhaladi ndi nthenga zofiirira nthawi yoswana. Musiyanitsa chonchi: kufiirira kwa dzuwa kumaphimba mbali yonse imene yayang'ana kudzuwa, ndipo mbalame ikatembenuka kumasamukira mbali inayo. Kufiirira kwa nthawi yoswana kumakhala m'malo atatu okha, pamutu, pachifuwa ndi pamsana, ndipo kumatembenuka pamodzi ndi mbalameyo.

Mitundu ina ilibe utoto m'nthenga n'komwe. Kuda ndi khofi zimachokera ku utoto umene thupi limapanga lokha; kufiira ndi chikasu cha atchete ndi abishopu chimachokera m'zakudya. Koma kunyezimira kobiriwira kapena kwa mtundu wa thambo kumene timaona pa choso wamwamuna kumabwera chifukwa cha kapangidwe ka nthengayo, kamene kamabweza kuwala mwanjira yakeyake. Kuwala kukapanda kugwera bwino, palibe chobweza. Choso yemwe amaphethira padzuwa akalowa pamthunzi wa mtengo amaoneka wakuda, ngakhale ili 12 koloko masana. Akapotoza mutu pang'ono, mtundu umabwerera. Pa mbalame yotere, mlomo wautali wokhota ndi khalidwe lake loyendera maluwa n'zodalirika kuposa mtundu.

Za msinkhu, chitsanzo chabwino ndi nkhwazi. Tonse timaidziwa: mutu, chifuwa ndi mchira zoyera, mimba yofiirira, mapiko akuda. Ili pachizindikiro cha boma la Malawi ndi pambendera ya Zambia. Koma mwana wa nkhwazi akamachoka pachisa safanana nazo zimenezi. Amakhala wa khofi, wamawangamawanga, chifuwa chotuwa chamizere yakuda, mchira wotuwa wokhala ndi mzere wakuda kumapeto. Chaka ndi chaka akamasintha nthenga, kuyera kumawonjezeka, ndipo zimamutengera pafupifupi zaka 5 kuti afanane ndi makolo ake. Amene amayenda pabwato mumtsinje wa Shire ku Liwonde amakumana ndi ana amenewa kawirikawiri, ndipo ambiri amawayesa mtundu wina wa chiwombankhanga.

Chomwe sichisintha kwenikweni ndi thupi. Mwana wa nkhwazi ali kale ndi msinkhu wa makolo ake, mapiko otakata kwambiri, mchira waufupi, mlomo waukulu. Amene angasokoneze m'nyengo yamvula ndi mbalame ina yodya nsomba yochokera ku Ulaya ndi ku Asia, imene mabuku amaitcha osipure. Iyo ndi yocheperapo, mapiko ake ndi opyapyala ndi opindika pakati, kumimba n'koyera, ndipo ili ndi mzere wakuda wodutsa padiso. Zonsezi zimaoneka ngakhale kuwala kuli kochepa, chifukwa ndi nkhani ya pamene payera ndi pamene pada, osati ya mtundu. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona luso lonse: kukachita kamdima, lekani kufunsa kuti ndi mtundu wanji, funsani kuti kuwala kuli pati ndipo kuda kuli pati.

Poima paja pamathandizanso. Mbalame ikakhala pakati pa inu ndi dzuwa, kapena pamwamba pa waya kumbuyo kwake kuli thambo lowala, imada yonse, kaya ndi pumbwa kaya ndi tchete. Zungulirani mpaka dzuwa likhale kumbuyo kwanu, kapena sunthani mpaka kumbuyo kwa mbalameyo kukhale mtengo kapena phiri. Pewani kuyang'ana pafoni nthawi imeneyo, pakuti diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala kwa foni kumalibwezera m'mbuyo. Kamera ya foni nayonso si yoidalira pa mtundu, chifukwa imadzikonzera yokha kuwala ndi maonekedwe a chithunzi.

Kwa amene akufuna kugula magalasi oonera patali, manambala olembedwa pamenepo ali ndi tanthauzo. Pa 8x42, gawani 42 ndi 8: mupeza mamilimita 5 ndi pang'ono, kumene ndi kukula kwa kuwala kofika m'diso lanu. Pa 8x21 mupeza mamilimita osakwana 3. Masana kusiyana kwake n'kochepa chifukwa kamboni ka diso kamakhala katachepa, koma m'bandakucha ndi chisisira kamboniko kamakula, ndipo oyambawo amalowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa achiwiriwo. Ngakhale zili choncho, magalasi sangabweze kufiira kumene diso lasiya kuona.

Mukamalemba zimene mwaona, lembani mwezi, ola, kumene kunali dzuwa, kukula kwa mbalameyo poyerekeza ndi pumbwa kapena njiwa, mlomo, mchira, kauluke ndi kulira kwake. Mtundu ubwere pomalizira. Ngati zonsezi sizikukwanira kuitchula dzina, isiyeni yopanda dzina, mudzabwerere pamalo omwewo mawa cha m'ma 7 koloko, dzuwa lili kumbuyo kwanu.