Manambala akamayendera limodzi popanda chowagwirizanitsa

Mu 1980, katswiri wa za chuma David Hendry, yemwe ankaphunzitsa pa London School of Economics, anaonetsa anzake mndandanda wa manambala umene unkatsatana bwino zedi ndi mitengo ya zinthu ku Britain kuyambira 1964 mpaka 1975. Manambalawo akakwera, mitengo nayo inkakwera, ndipo zoyezera zimene akatswiri ankazidalira zinkavomereza kuti ziwirizi n'zolumikizana. Kenako anaulula kuti manambalawo sanali a ndalama kapena a malipiro. Anali a mvula imene inagwa m'dzikolo, yamasiku ano kuiwonkhetsa ndi yam'mbuyo yonse. Mvula yowonkhetsa singatsike, ndipo mitengo m'zaka zimenezo inkangokwera. Kugwirizana kwake kunali komweko basi.

Njira imene inapusitsika apa imatchedwa rigiresheni. Munthu amapereka ku kompyuta mindandanda iwiri, tinene ya mitengo ndi ya ndalama zimene zili m'manja mwa anthu, n'kufunsa ngati kusintha kwa chimodzi kumafotokoza kusintha kwa chinzake. Kompyuta imabweza nambala yotchedwa R², imene ikayandikira 1 imasonyeza kuti ziwirizi zikutsatana kwambiri, ndi ina yotchedwa t. Ophunzira amauzidwa kuti t akadutsa 2 ndiye kuti kugwirizanako n'kwenikweni, pakuti zinthu zosakhudzana zimafika pamenepo mwangozi ka 5 kokha pa 100. Lamuloli ndi loona, koma limadalira chinthu chimene ambiri sachifufuza: kuti manambalawo akhale ndi malo amene amabwererako.

Mbuzi yomangidwa pa chikhomo imayenda uku ndi uku, koma chingwe chimaibweza, ndipo ukabwera mawa udzaipeza pafupi ndi chikhomocho. Mbuzi yomasuka imayambira pamene yaima, n'kuponda kulikonse, ndipo masiku akamapita m'pamene imatha kufika kutali. Manambala a mwezi ndi mwezi alinso a mitundu iwiri yomweyi. Akatswiri amalemba motere:

```
y(t) = ρ·y(t−1) + e(t)
```

Nambala ya mwezi uno ndi gawo la nambala ya mwezi watha, kuphatikiza chatsopano chimene chagwa mwadzidzidzi. Ngati ρ ndi 0.5, chinthu chimene chakweza nambalayo ndi 100 lero chimatsala 50 mwezi wamawa, kenako 25, kenako 12.5, mpaka kuzimiririka. Ngati ρ ndi 1, 100 uja sachoka. Amakhala momwemo mpaka kalekale, ndipo zadzidzidzi zonse zobwera pambuyo zimangosanjikizana pamwamba pake. Mndandanda wotere umanenedwa kuti uli ndi yuniti ruti. Ulibe pakati pamene umabwerera, ndipo umatha kukwera kapena kutsika kwa zaka zambiri popanda choukoka.

Mu 1974, Clive Granger ndi Paul Newbold a pa yunivesite ya Nottingham anayesa zimenezi poyera. Anapanga pa kompyuta mindandanda iwiri yotere, uliwonse wa manambala 50, yosakhudzana m'pang'ono pomwe, n'kuiyesa ndi rigiresheni. Anabwereza ka 100. M'malo mwa ka 5, t anadutsa 2 pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imatenga manambala 50 ngati maumboni 50 osiyana, pamene nambala iliyonse ndi yadzulo yomwe ija yongosuntha pang'ono. Umboni weniweni ndi wochepa, koma masamu amauwerenga ngati wochuluka, motero t amafufuma. Chopweteka kwambiri anachionetsa Peter Phillips mu 1986: kuwonjezera zaka sikuchiza vutoli, kumalikulitsa, pakuti t amangokulirakulira. Chizindikiro chimene munthu angachione msanga ndi nambala ya Durbin-Watson, imene imayenera kukhala pafupi ndi 2. Ikakhala yaing'ono kuposa R², zotsatirazo n'zokayikitsa.

N'chifukwa chake mndandanda uliwonse uyenera kuyesedwa pawokha rigiresheni isanayambe. Njira yodziwika kwambiri ndi ya David Dickey ndi Wayne Fuller, ya mu 1979. Funso lake n'losavuta: nambala ikakhala pamwamba mwezi watha, kodi mwezi uno imakokedwa kubwerera pansi? Amatenga kusintha kwa mwezi uno n'kukuyerekeza ndi pamene nambala inali mwezi watha:

```
Δy(t) = a + γ·y(t−1) + e(t)
```

Apa γ ndi ρ kuchotsapo 1. Akakhala 0, palibe chokoka, ndipo yuniti ruti ilipo. Akakhala pansi pa 0 moonekeratu, chokoka chilipo.

Tiyerekeze kuti tili ndi mtengo wa katundu wina wa miyezi 100, ndipo kompyuta yapeza γ = −0.05, ndi mlingo wa kusatsimikizika kwake 0.02. Tikagawa −0.05 ndi 0.02 tipeza t = −2.5. Wotsatira lamulo la 2 lija anganene kuti chokoka chapezeka. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Dickey ndi Fuller anaonetsa kuti yuniti ruti ikakhalapo, t ameneyu amapendekera yekha kumunsi kwa 0, choncho malire ake ndi ena: pa manambala 100 ndi −2.89, ndipo ngati tawonjezera mzere wosonyeza kukwera kokhazikika kwa mwezi ndi mwezi, ndi −3.45. Nambala yathu ya −2.5 siinafike pamenepo, motero sitingakane kuti yuniti ruti ilipo. Mu pulogalamu ya Stata ntchitoyi imalembedwa motere:

```
dfuller y, lags(4) regress
```

Mawu oti `lags(4)` amawonjezera kusintha kwa miyezi 4 yam'mbuyo, kuti zotsalira za e zisakhale zotsatana. Miyeziyo ikachepa, malire aja sakhulupirika. Ikachuluka kwambiri, mayesowo amafooka.

Kusakana sikutanthauza kutsimikiza, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene malipoti ambiri amalankhula mopitirira umboni wawo. M'chitsanzo chathu, γ = −0.05 akutanthauza ρ wa 0.95, ndipo pa miyezi 100 yokha mayesowa amavutika kusiyanitsa 0.95 ndi 1. Wofufuza wosamala amayesanso ndi KPSS, mayeso a mu 1992 amene amayambira mbali inayo, poganiza kuti mndandanda ndi wokhazikika. Onse awiri akaloza kumodzi, mtima umakhala m'malo. Palinso vuto limene Pierre Perron analionetsa mu 1989: mndandanda wokhazikika umene unadumpha kamodzi kokha umaoneka ngati uli ndi yuniti ruti. Aliyense woyesa mtengo wa dola pa kwacha ayenera kukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Mayeso a Dickey ndi Fuller sadziwa za tsiku limenelo pokhapokha wofufuzayo ataliwerengera.

Yuniti ruti ikapezeka, njira yoyamba ndi kusiya manambala enieniwo n'kugwiritsa ntchito kusintha kwawo: osati mtengo, koma mmene wakwerera mwezi uno. Kusinthako kuyesedwenso, ndipo mu Stata kumalembedwa `D.y`. Granger ndi Newbold atachita zimenezi pa mindandanda yawo, kugwirizana kwabodza kuja kunatha.

Koma njirayi ikhoza kutaya chinthu chenicheni. Mindandanda ina imayendayenda, koma siitalikirana, monga ndalama zimene mabanja amapeza ndi zimene amagwiritsa ntchito. Robert Engle ndi Granger anapereka njira yozindikirira zimenezi mu 1987: chitani rigiresheni pa manambala enieniwo, tengani zotsalira zake, muziyese ngati zili ndi yuniti ruti. Zikakhala zokhazikika, kugwirizanako n'kwenikweni. Malire ake ndi okhwima kuposa −2.89 uja: pa mindandanda iwiri yaitali ndi pafupifupi −3.34.