Nyenyezi zosochera: kulemba uthenga usakudziwa kumene ukawerengedwe

Mlembi wa kopaletivi ya alimi wauzidwa ndi wapampando kuti, "Alembi, tandikonzereni chidziwitso cha masiku ogula mbewu, mundipatse madzulo ano." Wapampando sananene zambiri. Sananene ngati chidziwitsocho chikamatidwa pakhoma la nyumba yosungiramo mbewu, ngati chiponyedwa pa gulu la WhatsApp, kapena ngati chitumizidwa ngati SMS kwa alimi a timafoni ta mabatani. Mwina naye sakudziwa. Nthawi zambiri uthenga wotere umadutsa njira zonse zitatu usanafike kwa mwini wake.

Mlembi wodziwa kompyuta dzanja limamuyabwa kuti akongoletse: mutu wa zilembo zikuluzikulu, mawu ofunika akhale akuda bii, masiku ndi malo zikhale m'tebulo la mizere yooneka bwino. Chovuta n'chakuti zokongoletsazi sizikhala m'mawu enieniwo. Ndi malangizo opita kwa pulogalamu imene idzaonetse mawuwo, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi malamulo ake. Ikalandira malangizo amene sikuwadziwa, imawataya kapena kuwaonetsa osaphika momwe alili.

Taonani nyenyezi, kachizindikiro kaja ka `*`. Pa WhatsApp, mawu otsekeredwa pakati pa nyenyezi imodzi uku ndi imodzi uku amada n'kunenepa. Koma pali kalembedwe kena kotchedwa Markdown, kamene John Gruber anatulutsa mu 2004 ndipo lero kali m'mapulogalamu ambiri olembera. M'kalembedwe kameneko nyenyezi imodzi mbali iliyonse imapendeketsa mawu, ndipo kuti ade pamafunika ziwiriziwiri. SMS ndiye sidziwa chilichonse mwa izi. Ikalandira nyenyezi imaonetsa nyenyezi basi. Mlembi akalemba mwa Markdown, uthengawo n'kukathera pa kafoni ka mabatani, mlimi amaona izi:

```
## **CHIDZIWITSO**
| Mbewu | Tsiku | Malo |
|---|---|---|
| Soya | Lolemba | Kusukulu |
```

Munthu woleza mtima atha kutolamo kanthu. Koma sikirini ya foni yotere ndi yopapatiza, mzere umodzi umathyoka pawiri kapena patatu, ndipo mbewu zikakhala zitatu, "Lolemba" amapezeka wakhala pansi pa mtedza pamene anali wa soya. Apa nkhani yasiya kukhala ya kukongola. Wina anyamula matumba pa njinga tsiku lolakwika.

Choncho posankha, funso lothandiza si lakuti "chooneka bwino n'chiti?" ayi. Funso ndi lakuti: ndikaphonya, kuphonya kotsika mtengo n'kuti? Mukalemba mawu wamba kenako n'kupezeka kuti kumene apitako kukanatheka kukongoletsa, mwataya pang'ono chabe, chifukwa uthenga ukuoneka wosadzola koma ukumveka. Mukakongoletsa n'kupezeka kuti kumeneko sizitheka, mwataya tanthauzo. Kuphonya kuwiriku sikulingana, ndipo n'chifukwa chake wosadziwa ayenera kutsamira ku mawu wamba. Zili ngati kuphikira alendo amene simukuwadziwa: tsabola mumaika pambali, chifukwa wofuna athira yekha, koma wolowa kale mumphika palibe angamuchotse.

Mawu wamba sikutanthauza kuunjika zonse m'chindime chimodzi chachitali. Dongosolo limakhalapobe, kungoti limanyamulidwa ndi zinthu zimene sizifa panjira. Choyamba ndi malo a mawu. Chofunika kwambiri chikhale m'chiganizo choyamba, pakuti chimene chili patsogolo sichisowa kuchidetsa kuti chioneke. Chachiwiri ndi mzere wopanda kanthu pakati pa ndime. Apa pali kachinsinsi kamene ambiri sakadziwa. Mukangodumphira pa mzere wotsatira kamodzi, mapulogalamu ambiri a Markdown ndi masamba a pa intaneti amalumikiza mizereyo kukhala umodzi, koma mukasiya mzere wathunthu wopanda kanthu, malire aja amapulumuka malo ambiri. Ndipo popeza pali malo ena amene amameza ngakhale mzere wopanda kanthuwo, mzere uliwonse uzitha ndi mpumiro wake, kuti ikaphatikizana iwerengekebe.

Tebulo lija lisanduke ziganizo, chilichonse chodziimira pachokha:

```
Tiyamba kugula mbewu Lolemba pa 12.

Soya: Lolemba, kusukulu.

Mtedza: Lachitatu, kudepoti.

Nandolo: Lachisanu, kudepoti.
```

Onani kuti "kudepoti" walembedwa kawiri. M'tebulo kubwereza kotere kumaoneka ngati kuwononga malo, koma kuno ndiko kukuteteza uthenga, chifukwa mzere uliwonse ukhoza kuthyoka, kukopedwa wokha, kapena kuwerengedwa mokweza kwa agogo amene maso anafooka, ndipo palibe chimene chisochere. Yesani kuwerengera munthu tebulo la mizere inayi pafoni, mudzaona kuti pakamwa panu pakusandutsa tebulolo ziganizo zomwezi.

Ena amati athana nalo vutoli pokonza tebulo ndi mipata, kumangodinda batani losiya mpata mpaka manambala atafola bwinobwino. Zimaoneka bwino pa sikirini ya wolembayo pokha. M'mafoni ambiri zilembo sizilingana m'lifupi, `i` ndi wowonda pamene `m` ndi wotambalala, ndiye zimene zafola kuno zimakapindika uko. Zimenezi musavutike nazo n'komwe.

Pali msampha wina umene umatikhudza ife olemba Chichewa kuposa anzathu ambiri, ndipo ndi wa ndalama. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma pokhapokha ngati zilembo zonse zili m'gulu la zilembo limene mafoni a GSM anapatsidwa poyamba. Mukaikamo chilembo chimodzi chokha chakunja kwa gululo, uthenga wonse umasamukira ku kasungidwe kena komwe SMS imodzi imangonyamula zilembo 70. Chilembo `ŵ` cha mu Malaŵi si cha m'gulu limenelo. Emoji iliyonse si ya m'gululo. Kadontho kakakulu koyambira mndandanda, `•`, nakonso ayi. Ndipo uthenga wautali ukamadulidwa m'zidutswa, chidutswa chilichonse chimachepako pang'ono kuti pakhale malo a chizindikiro cholumikizira: zilembo 153 m'kasungidwe koyamba, 67 m'kachiwiri. Tsono chidziwitso cha zilembo 150, chimene chikanapita ngati SMS imodzi, chimasanduka ma SMS atatu chifukwa cha `ŵ` mmodzi. Kopaletivi ikamatumiza kwa mamembala onse, ndalama ya uthengawo yachuluka katatu.

Choopsa kuposa `ŵ` ndi nkhodolero, kachizindikiro kaja kokhala m'mwamba mu "ng'ombe" ndi "m'mudzi". Chichewa sichiyenda mizere iwiri popanda iko. Kali mitundu iwiri: kowongoka `'` ndi kopindika `’`. Kowongoka kali m'gulu la zilembo za SMS, kopindika mulibe. Microsoft Word, ngati simunaiuze zina, imasintha kowongoka kukhala kopindika inu mukulemba, osakufunsani. Ndi maso kusiyanako n'kovuta kukuona. Mafoni ena ndi makampani ena otumiza mauthenga ambiri nthawi imodzi amakawongola okha, koma simungadalire zimenezo pamene simukudziwa njira imene uthenga udutse. Chizindikiro chake mumachiona pa kanambala kowerenga zilembo kamene mafoni ambiri amaonetsa polemba SMS: mukamata mawu n'kuona kuti katsika mwadzidzidzi, mwalowa chilembo chachilendo.

Kopindikako kali ndi matenda enanso. Fayilo yosungidwa mwa UTF-8 ikatsegulidwa ndi pulogalamu yoganiza kuti ndi Windows-1252, "ng'ombe" wa nkhodolero yopindika amatuluka `ngâ€™ombe`, ndipo Malaŵi amakhala `MalaÅµi`. Mukaona zimenezi pa lisiti kapena m'kalata ya pa imelo, si vairasi ayi, ndi mapulogalamu awiri amene sanamvane. Sindikunena kuti `ŵ` tizimutaya. M'buku, m'nyuzipepala, paliponse pamene mukudziwa kuti aoneka bwino, mulembeni. Koma pa chidziwitso chosadziwika njira yake, `w` wamba ndiye safa panjira.

Nanga mawu ofunikadi kutsindika, monga akuti wobwera wopanda chitupa cha umembala sagulitsa? Zilembo zazikulu zimapulumuka paliponse, choncho mawu amodzi kapena awiri akhoza kulembedwa motero: "Bwerani ndi CHITUPA cha umembala." Uthenga wonse ukakhala wa zilembo zazikulu umamveka ngati kukalipa, ndipo palibenso chimene chatsindikidwa. Chimene muyenera kuchipewa ndi zilembo zokongola zija zimene anthu amakopa ku timapulogalamu tokometsera mayina pa Facebook. Zimaoneka ngati zilembo zathu zodetsedwa, koma zambiri ndi zizindikiro za masamu. Pa mafoni akale zimatuluka timabokosi, mukafufuza liwulo m'foni mwina silipezeka, ndipo mapulogalamu owerengera anthu osaona amazidumpha kapena kuzitchula mwachilendo.

Ngakhale mawu wamba ali ndi pamene amaterereka, ndipo pamenepa mpofunika kusamala kwambiri: manambala oimba aja oyamba ndi nyenyezi n'kutha ndi `#`, amene timagwiritsa ntchito potumiza ndalama kapena kugula bandulo. Tiyerekeze kuti mlembi walemba kuti mamembala aimbe `*123*4#`. Sanakongoletse kanthu. Koma uthengawo ukagwera m'pulogalamu ya Markdown, iyo iona nyenyezi ziwiri zitatsekera 123, ipendeketsa manambalawo n'kumeza nyenyezi zonse. Wowerenga aona `1234#`, aimba, sizitheka, n'kumati netiweki yavuta. Mankhwala ake ndi kubwereza nambalayo m'mawu: "nyenyezi, 123, nyenyezi, 4, kenako hashi." N'chimodzimodzi ndi adiresi ya pa intaneti. Ilembeni yonse pa mzere wakewake, musaibise kuseri kwa mawu akuti "dinani apa", chifukwa uthengawo ukasindikizidwa pa pepala palibe chodina, ndipo ukakopedwa kupita ku SMS adiresi yobisikayo imatsala m'mbuyo.

Mlembi asanapereke chidziwitso chake akhoza kuchiyesa pa mphindi ziwiri. Achimate mu Notepad ngati mawu wamba, achepetse zenera mpaka likhale lopapatiza ngati foni, n'kuwerenga. Kenako adzitumizire yekha ngati SMS, aone kuti zidutswa zakwana zingati. Ngati pali mzere umene sukumvekanso, ndiye kuti tanthauzo lake linali m'zokongoletsa, ndipo mzerewo ulembedwenso.

Zonsezi ndi za nthawi imene palibe chokuunikirani. Wapampando akadanena kuti chikamatidwa pakhoma, tebulo lenileni la mizere yake likanakhala labwino kuposa ziganizo, makamaka mbewu zikachuluka, pakuti diso limathamanga msanga m'tebulo losindikizidwa. Akadalemba pempho lake pa WhatsApp n'kunena kuti chipita pa gulu lomwelo, nyenyezi imodzi uku ndi uku zikanagwira ntchito yake. Ndipo ngati wapampando ali pafupi, funso limodzi loti "Apampando, chipita bwanji kwa anthu?" limapulumutsa ntchito yambiri, ngakhale yankho lake silimanga uthengawo kuti usadzatumizidwenso kwina. Pamene chidziwitso chili ndi manambala ochuluka moti ziganizo sizingawanyamule, monga mitengo ya magiredi asanu a mbewu zinayi, njira yabwino ndi kupereka ziwiri: uthenga waufupi wa mawu wamba wonena tsiku, malo ndi kumene tebulo likupezeka, ndi tebulolo palokha ngati PDF, imene imaoneka chimodzimodzi kulikonse kumene yatseguka.