Phukusi lanu lili pati? Zimene tsamba lolondolera katundu limanena ndi zimene silinena

Tsamba la pa intaneti limene mumalembapo nambala ya phukusi lanu silidziwa kumene phukusilo lili panopa. Mkati mwa phukusi mulibe chipangizo chouza aliyense kuti tsopano ladutsa pamwamba pa nyanja kapena lagona ku Nairobi. Chimene chilipo ndi kapepala ka timizere takuda komatidwa kunja, ndipo nthawi iliyonse wantchito kapena makina akawerenga timizereto, mzere umodzi umawonjezeka pa tsamba lija. Choncho mzere uliwonse ukunena zimene zinachitika kale, pamalo ena, pa ola lina. Pakati pa mizere iwiri pamakhala mdima, ndipo mdimawo ndi umene umasowetsa anthu tulo.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho. Wokonza mafoni wa ku Zomba waitanitsa magalasi a foni asanu kwa wogulitsa wa ku Shenzhen, m'dziko la China, ndipo katunduyo akubwera pa positi. Wogulitsa wamutumizira nambala yooneka motere: RR123456785CN.

Nambalayo payokha ikunena kale zambiri. Mapositi a mayiko amagwirizana pansi pa bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern, ku Switzerland. Bungweli ndi limene linakonza kuti nambala ya katundu wopita kunja ikhale ya zilembo 13: malemba awiri kumayambiriro, manambala 9 pakati, malemba awiri kumapeto. Akumapetowo ndi dziko limene linapereka nambalayo: CN ndi China, ZA ndi South Africa, GB ndi Britain, MW ndi Malawi. Lemba loyamba limanena mtundu wa katumizidwe. R ndi katundu wa rejisitala, wofunika kusainira pomulandira. E ndi EMS, positi yachangu. C ndi phukusi lalikulupo. Koma mukaona U, chepetsani chiyembekezo: kameneko ndi kaphukusi kotsika mtengo kamene positi sinalonjeze kukalondola mpaka kumapeto, ndipo tsamba likhoza kungoti zii kakangotuluka m'dziko lochokera, ngakhale kakuyenda bwinobwino. Nambala ya DHL Express ndi yosiyana, imakhala ya manambala 10 opanda malemba, ndipo mukailemba pa tsamba la positi simupeza kanthu.

Mzere woyamba umene mnzathu wa ku Zomba adzaone ndi uwu: "Shipment information received". Kwina amalemba "Label created". Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka. Mawuwa sakutanthauza kuti katundu wanyamuka. Akutanthauza kuti wogulitsa walemba dzina ndi adiresi mu kompyuta, wasindikiza kapepala, basi. Magalasi aja akhoza kukhala akadali pa shelefu, mwinanso wogulitsayo sanawapeze n'komwe, akuyembekeza kuti amubweretsere. Masiku awiri kapena atatu mzerewu uli wokhawokha si chodabwitsa, makamaka pa nthawi ya tchuthi cha chaka chatsopano cha ku China kapena pambuyo pa malonda aakulu a pa 11 Novembala. Ikatha sabata, wofunika kumufunsa ndi wogulitsa, osati a positi, chifukwa a positi sanagwire kanthu. Umboni woti katundu wachokadi m'manja mwa wogulitsa ndi mzere wonena kuti "Accepted by carrier", "Posting/Collection" kapena "Picked up", wokhala ndi dzina la mzinda pambali pake.

Kusiyanitsa kumeneku n'kumene ndimaona kuti n'kofunika kuposa kuloweza mawu onse a pa tsambalo. Pa mzere uliwonse dzifunseni: kodi apa munthu wagwira phukusi, kapena ndi makompyuta chabe akuuzana nkhani? Mzere wokhala ndi malo enieni ndi ntchito yeniyeni, monga kulandira, kusanja kapena kupereka, ndi wodalirika. Mzere wonena za uthenga kapena mapepala sukutsimikizira kuti katundu wasuntha. A DHL, mwachitsanzo, amatha kulemba "Customs clearance status updated" katundu asanafike n'komwe m'dziko lanu, chifukwa mapepala amatsogola pa intaneti katundu akadali m'njira. Wosadziwa amathamangira ku bwalo la ndege kukafunsa chinthu chimene sichinatere.

Kenako pamabwera "Departure from outward office of exchange". Imeneyi ndi positi ofesi yaikulu imene katundu yense wotuluka m'dziko amadutsirako. Pamenepo kaphukusi kaja kamaponyedwa m'thumba limodzi ndi tinzake topita ku Malawi, thumbalo n'kutsekedwa ndi kupatsidwa nambala yakeyake. Kuyambira pamenepo palibenso amene akuona timizere ta kaphukusi kanu, aliyense akuwerenga nambala ya thumba. N'chifukwa chake mawu akuti "Handed over to airline" kapena "In transit" amatha kukhala osasintha kwa milungu ingapo. Kuperekedwa kwa kampani ya ndege sikutanthauza kukwera ndege. Thumba limadikira malo, ndipo katundu wotumizidwa pamtengo wotsika ndi amene amatsala ndege ikadzaza. Palibenso ndege yochoka ku Shenzhen n'kudzatera pa Kamuzu International Airport mwachindunji. Thumba liyenera kusintha ndege penapake, monga ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo pamenepo likhoza kudikiranso. Tsamba silikunama likamati katundu ali m'njira. Kungoti thumba logona m'nyumba yosungiramo katundu nalonso amaliwerengera kuti lili m'njira.

Pali mzere umodzi pa gawo limeneli wofunika kuuopa. Mukaona mawu onena za kulephera pa chipikisheni cha chitetezo, monga "Security check failed", kenako dzina la mzinda wa wogulitsa n'kubweranso, katundu wabwezedwa asanakwere. Kawirikawiri chimachititsa ndi batire la lifiyamu lotumizidwa palokha, limene malamulo a positi ya mayiko salola, kapena zamadzimadzi. Mnzathu uja akanawonjezera mabatire a foni pa magalasi ake, ulendo ukanathera pomwepo.

Onaninso tsiku ndi ola. Masamba ambiri amaika mzere watsopano pamwamba, wakale pansi, ndipo ola limakhala la kumene katundu anawerengedwa. China ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6, moti mukhoza kutsegula foni usiku n'kuona mzere wa tsiku la mawa. Si vuto ayi.

Mzere woyembekezeka kwambiri ndi "Arrival at inward office of exchange". Uwu amaulemba ndi a positi ya kuno, a Malawi Posts Corporation, akatsegula thumba lija ndi kuwerenga kaphukusi pakokha. Musausokoneze ndi "Arrived at destination country", umene nthawi zina umachokera ku uthenga wa kampani ya ndege woti thumba latsitsidwa, lisanafike m'manja mwa a positi. Pakati pa mizere iwiriyi pakhoza kudutsa masiku. Ndipo tsamba la wogulitsa likasiya kusintha katundu atafika kuno, yesani nambala yomweyo pa tsamba lina losonkhanitsa uthenga wa makampani ambiri, monga 17TRACK, chifukwa si nthawi zonse pamene uthenga wa dziko lolandira umabwerera kwa wotumiza.

Tsopano tafika pa msonkho, ndipo apa pali mizere itatu yofanana maonekedwe koma yosiyana kutali. "Item presented to import customs" ndi mwambo chabe: katundu wochokera kunja amaonetsedwa kwa a msonkho, amene kuno ndi a Malawi Revenue Authority. Iwo amawerenga kapepala ka CN22 kapena CN23 kamene wogulitsa anamata, konena zimene zili mkati ndi mtengo wake. Palibe choti muchite. "Held by customs" ndi nkhani ina. Katundu waimitsidwa, ndipo nthawi zambiri akudikira inu: mwina akufuna lisiti chifukwa mtengo wolembedwa sukumveka, mwina pali msonkho woti mulipire, mwina katunduyo ndi wofuna chilolezo, monga mankhwala kapena mbewu. Tiyerekeze kuti wogulitsa uja, pofuna kuthandiza, analemba kuti magalasi asanu ndi mphatso ya madola awiri. Wa msonkho amene amaona magalasi otere tsiku lililonse sangakhulupirire, ndipo adzafuna umboni wa ndalama zimene zinalipiridwadi. Mzere umenewu susintha chifukwa chouyang'ana. Pitani kapena imbani foni, muli ndi nambala ya phukusi, lisiti ndi chitupa chanu. Wachitatu, "Item returned from import customs", umaopsa anthu pachabe. Sukunena kuti katundu akubwerera ku China. A msonkho amaliza zawo ndipo abwezera phukusi kwa a positi kuti lipitirire. Kubwerera kwenikweni amalemba "Return to sender".

Ndinene pang'ono za mauthenga a pa foni amene amabwera nthawi ngati imeneyi, onena kuti phukusi lanu lagwidwa, tumizani ndalama pa nambala yakuti. Musadine chilichonse mu uthengawo. Lembani nokha nambala ya phukusi pa tsamba la kampani yonyamula, muone ngati palidi mzere wa kuimitsidwa. Msonkho weniweni umakhala ndi lisiti la boma.

"Arrival at delivery office" ndiye kuti phukusi lafika ku positi ofesi yomaliza, kwa mnzathu uja ya ku Zomba. Kwathu kuno anthu ambiri amalandirira makalata ku bokosi la ku positi, choncho mawu akuti "Unsuccessful delivery attempt" satanthauza kuti wina anagogoda pakhomo n'kukusowani. Akhoza kungotanthauza kuti anaika kapepala kokuitanani m'bokosi, kapena anaimba foni osayankhidwa. Chofunika kudziwa n'choti kuyambira pamenepo masiku akuwerengedwa, ndipo katundu wosatengedwa amadzabwezedwa kumene anachokera. Funsani pa kauntala kuti amasunga nthawi yaitali bwanji.

Ngakhale "Delivered" ali ndi msampha wake. Mawuwa akunena kuti wonyamula wapereka katundu pa adiresi imene inalembedwa, kwa munthu amene anapezeka pamenepo: mlonda wa pa geti, mlembi wa ku ofesi, mwini bokosi limene munabwereka. Makampani ngati DHL amaonetsa dzina la amene anasainira, ndiye yambani mwayang'ana pamenepo musanakalipe. Amene amagula kudzera kwa maejenti osonkhanitsa katundu ku Guangzhou ayenera kusamala kwambiri. Adiresi imene wogulitsa anapatsidwa ndi ya nyumba ya ejentiyo, choncho tsamba likati "Delivered" patangopita masiku atatu, katundu wafika ku Guangzhou, osati ku Malawi. Nambala ija yathera pomwepo. Ulendo wotsala, wa pa ndege kapena wa mu kontena, uli ndi nambala ina imene ejenti yekha ndi amene angakupatseni.

Nanga katundu wotayikadi mungamudziwe bwanji? Tsamba silifulumira kulemba kuti watayika. Chizindikiro chake ndi mzere womaliza wa kugwiridwa ndi manja umene wakhalitsa kupyola tsiku limene wogulitsa analonjeza. Pa positi ya mayiko, dandaulo lofufuza katundu limalandiridwa mkati mwa miyezi 6 kuchokera pamene anatumizidwa, ndipo woyenera kuliyambitsa ndi wotumiza, chifukwa ndi iye ali ndi lisiti la positi. Koma nthawi imene misika ya pa intaneti imapereka yoti wogula adandaule n'kubwezeredwa ndalama ndi yaifupi kuposa pamenepo, ndipo tsiku lake limalembedwa pa oda yanu. Mnzathu wa ku Zomba ajambule tsamba lonse, mzere womaliza ndi tsiku lake zikuoneka, n'kupereka dandaulo tsikulo lisanakwane, ngakhale wogulitsa akumuchonderera kuti adikire sabata ina.