Kalata yolondolera m'bale njira ya ku Chikanda

Wophunzira akangopeza chipinda cha lendi pafupi ndi sukulu yaukachenjede, abale amafuna kukamuona, ena atanyamula ufa ndi nyemba. Apa ndi pomwe kalata yolondolera njira imafunika, kaya ya papepala kaya ya pa WhatsApp. Ambiri amangolemba kuti "mukwere ya ku Zomba, mukafika muimbe." Nanga foni ikathera moto panjira?

Titenge mtsikana amene wayamba maphunziro ku University of Malawi ku Zomba, sukulu yomwe mpaka 2021 inali Chancellor College ndipo anthu akuitchabe Chanco. Wapeza malo ku Chikanda, dera loyandikana ndi sukuluyi komwe ophunzira ambiri amachita lendi. Azakhali ake anyamukira mu mzinda wa Blantyre. Kalata yake ikhoza kuyamba motere:

"Okondedwa azakhali, ndikhulupirira muli bwino. Mukafika m'tauni mukwere minibasi ya ku Limbe yodzera Highway. Mudutsa pa Ginnery Corner, pa Queens ndi pa Chichiri, koma musatsike mpaka mu Limbe. Kumeneko mufunse ya ku Zomba. Musanakwere mumve kwa kondakitala mwiniwake, osati oitanira, kuti ikukafika mu Zomba m'depoti."

Chiganizo chomalizachi chili ndi chifukwa chake. Oitanira ntchito yawo ndi kudzaza galimoto basi, ndiye amavomera chilichonse. Minibasi ina imanyamuka ikunena kuti Zomba, koma anthu akachepa panjira kondakitala amakusamutsirani m'galimoto ina, zomwe apaulendo amati kugulitsidwa. Munthu amene wachenjezedwa sadabwa nazo. Amatsika ndi katundu wake m'manja, n'kuonetsetsa kuti makondakitala awiriwo apatsana ndalama iye akuona, kuopa kulipira kawiri. Zilipo zinanso zopita ku Liwonde ndi Mangochi. Izi zimadutsa mu Zomba momwemo ndipo kukwera n'kotheka, koma wogona tulo amakadzidzimukira ku Domasi.

Kuchoka mu Limbe kukafika ku Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60 pa msewu wa M3. Nambala imeneyi azakhali siiwathandiza kwenikweni. Chowathandiza ndi mayina a malo omwe aziwaona pawindo, olembedwa motsatana:

"Mudutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi, pa Namadzi, kenako pa Thondwe. Mukafika pa Thondwe mundiimbire kapena mungoflasha, chifukwa mwatsala pang'ono. Mukaona chipatala chachikulu cha Zomba ndiye kuti mwalowa m'tauni, konzekani kutsika."

Kusankha Thondwe ngati malo oimbira foni ndi nzeru. Mtsikanayo amapeza mpata wotuluka m'kalasi n'kukadikira, ndipo foni ikazima pambuyo pake amadziwa kale nthawi yoyembekezera alendo.

Za mtengo, mulembe ndalama imene inuyo munalipira ndi tsiku lake, chifukwa mafuta akakwera kapena akasowa mitengo imasintha tsiku lomwelo. Muwauzenso kuti thumba la ufa limalipitsidwa palokha, choncho agwirizane mtengo lisanakwezedwe, komanso asunge ndalama zing'onozing'ono, poti chenje cha mu minibasi chimachedwa kubwera. Nthawi yofikira musalonjeze. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo ena okhala m'katimo amakhala anyamata ongoikidwa kuti ioneke ngati yatsala pang'ono. N'kwabwino kuwauza kuti alawire m'mawa kuti afike kusanade.

Koma pamene alendo ambiri amasochera si pa msewu waukulu ayi. Ndi chigawo chomaliza, kuchoka m'depoti ya Zomba kukafika pakhomo. Apa minibasi yatha ntchito, chatsala ndi takisi kapena kabaza wa njinga yamoto. Kuuza wakabaza kuti "ku Chanco" kukakufikitsani pachipata cha sukulu, pomwe mwana sagona pamenepo. Kungoti "ku Chikanda" nakonso sikukwanira, chifukwa nyumba n'zothithikana, tinjira n'tambiri, ndipo manambala a nyumba palibe amene amalondolera nawo. Wolemba kalata ayambe wafunsa akabaza eniake dzina lomwe amatchulira malo omwe akukhalawo, kaya ndi la hositelo, la golosale kapena la tchalitchi, n'kulilemba ndendende. Akatero awonjezere chooneka ndi maso:

"Mukatsika pa golosaleyo mulowe kanjira ka kumanja mukayang'ana komwe mwachokera. Geti lachitatu, lobiriwira, ndi lathu. Mukandisowa mufunse amayi a landilodi, ndawauza kale za kubwera kwanu. Popeza muli ndi thumba, mutenge takisi, njinga yamoto ikuvutani. Ndine mwana wanu."

Kumanja kopanda kunena komwe munthu wayang'ana kwasocheretsa alendo ambiri, n'chifukwa chake mtsikanayu wachita kutchula. Nambala ya foni ya mnzake wogona naye chipinda ailembenso pansi pa kalatayo, ndipo awapemphe azakhali aikopere pakapepala n'kuika m'chikwama, poti Loweruka lina iye akhoza kukhala m'mayeso foni atathimitsa.