Kusandutsa Macheza a pa WhatsApp Kukhala Zokambirana Zowerengeka Ngati Sewero

Magulu ambiri a banki mkhonde, makwaya ndi makomiti a maukwati amamanga mfundo zawo pa WhatsApp tsiku la msonkhano lisanafike n'komwe. Vuto limadza pamene wina wafuna kuti zimene zinakambidwazo zikhale papepala, zoti munthu n'kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzina la wolankhula lili kumanzere, mawu ake kumanja, aliyense pa mzere wake monga zimakhalira m'buku la sewero. Mlembi wa gulu amafuna zotere polemba maminitsi, wophunzira wa ku yunivesite amazifuna pa kafukufuku, ndipo wolemba masewero a pawailesi amazifuna kuti amve mmene anthu amalankhuliradi.

Kutulutsa machezawo m'foni sikuvuta. Pa foni ya Android munthu amatsegula gululo, n'kudina timadontho titatu tili pamwamba kumanja, kenako More, kenako Export chat. Foni imafunsa ngati atenge zithunzi ndi mawu ojambulidwa kapena ayi. WhatsApp imanena kuti popanda zithunzi imatulutsa mauthenga aposachedwa osapitirira 40,000, ndipo ndi zithunzi osapitirira 10,000. Chimene chimatuluka ndi fayilo ya zolemba zokhazokha, yothera ndi .txt, ndipo maonekedwe ake sakhala osangalatsa. Nachi chitsanzo chongopeka cha gulu la banki mkhonde, momwe mayina analembedwa potengera maudindo:

```
12/03/2024, 19:40 - Wapampando changed this group's icon
12/03/2024, 19:42 - Wapampando: Mwaswera bwanji nonse
12/03/2024, 19:42 - Wapampando: Msonkhano uli Loweruka
12/03/2024, 19:45 - Msungichuma: Amene sanabweze ngongole:
atatu a Januwale
awiri a Febuluwale
12/03/2024, 19:47 - Mlembi: <Media omitted>
12/03/2024, 19:48 - Wapampando: Zikomo, tamva
```

Mizere ilipo 8, koma anthu asinthana kulankhula kanayi kokha. Mzere woyamba sanalankhule munthu, ndi WhatsApp yomwe ikungodziwitsa kuti chithunzi cha gulu chasinthidwa. Wapampando anatumiza mauthenga awiri motsatizana, omwe m'sewero akanakhala kulankhula kumodzi. Msungichuma anatumiza uthenga umodzi wokha, koma polemba ankatsikira mzere wina, ndiye uthengawo watenga mizere itatu, iwiri mwa iyo ilibe deti, nthawi kapena dzina.

Mizere yopanda mwini imeneyi ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Munthu akaona fayiloyi, chimene chimamunyansa msanga ndi madeti, ndiye amathamangira kuwafufuta. Koma deti ndi nthawi ndiye chizindikiro chokhacho chosonyeza pamene uthenga watsopano wayambira. Zikachoka, kompyuta ilibenso podziwira ngati mzere wina ndi mawu a munthu watsopano kapena mchira wa uthenga wa pamwamba. Ena amati adalira madontho awiri amene amabwera pambuyo pa dzina, koma anthu amalembanso madontho omwewo m'kati mwa mauthenga awo, monga anachitira Msungichuma. Mzere wotsikira woyamba ndi "Chidziwitso:" ungaoneke ngati munthu wina dzina lake Chidziwitso walowerera nkhani. Madeti ali ngati mitengo imene amisiri amakwerapo pomanga khoma: imachotsedwa khomalo litatha.

Macheza a mizere makumi awiri munthu akhoza kuwakonza ndi manja. A mizere 3,000 amafuna pulogalamu yotha kufufuza potsata kalembedwe ka mzere osati mawu enieni. Imodzi yaulere ya pa Windows ndi Notepad++. Atasunga kaye kope lina la fayilo yoyambirira, munthu amatsegula fayilo ija, n'kudina Ctrl+H, ndipo pansi pa bokosi lotulukalo amasankha Regular expression. Kabokosi kolembedwa ". matches newline" kazikhala kosachonga.

Ntchito yoyamba ndi kulumikiza michira ija ku mitu yake. Pa Find what amalemba izi:

```
\R(?![\d/]+, [\d:]+ - )
```

Zikuoneka ngati zamatsenga, koma tanthauzo lake ndi lapafupi. Chizindikiro `\R` chikuimira malo amene mzere wathera. Zili m'katizo zikuti malowo asankhidwe pokhapokha ngati chotsatira chake si manambala a deti, mpatuliro, manambala a nthawi ndi kamzere. Pa Replace with ambiri amaika mpata umodzi wokha, koma ndi bwino kuika ` / ` chifukwa mpata wokha umasakaniza mndandanda n'kukhala phala. Akadina Replace All, mizere 8 ija imatsala 6, ndipo mawu a Msungichuma amakhala pa mzere umodzi. Kumapeto kwenikweni kwa fayilo kutha kutsala kachizindikiro kamodzi kolendewera, kofufuta ndi dzanja.

Pano ndi pamene kulakwa kumaonekera msanga. Ngati fayilo yonse yasanduka mzere umodzi wautali wopanda mathero, ndiye kuti kalembedwe ka deti m'foni imene inatulutsa machezawo n'kosiyana ndi kamene kalembedwa mu Find what, motero pulogalamu sinapeze mutu ngakhale umodzi ndipo yalumikiza zonse. Ctrl+Z imabweza zinthu mmene zinalili. Kenako munthu ayang'anitsitse mzere umodzi wa fayiloyo. WhatsApp imatsata mmene mwini foni anaikira deti ndi nthawi: mafoni ena amalemba `19:42`, ena `7:42 pm`. Pa mafoni atsopano, mpata wa pakati pa nambala ndi `pm` sumakhala mpata wamba koma chizindikiro china chopyapyala chotchedwa U+202F, chomwe ndi maso sichisiyanitsika. Mankhwala ake ndi kuika dontho pamalopo, chifukwa dontho limavomera chizindikiro chilichonse, kuti mbali ya nthawi ikhale `[\d:]+.[ap]m`. Nayo iPhone ili ndi kalembedwe kakekake. Imatsekera deti ndi nthawi m'mabulaketi, imaonjezera masekondi, ndipo kamzere kaja kulibe: `[12/03/2024, 19:42:10] Wapampando:`. Njira yake ndi yomweyo, chosintha ndi chofufuzira chokha.

Ntchito yachiwiri ndi kuchotsa mizere imene ndi ya WhatsApp mwini, monga yonena kuti uje walowa, uje watuluka kapena chithunzi chasinthidwa. Mizere imeneyi ili ndi deti koma ilibe madontho awiri pambuyo pa kamzere, ndiye amaigwira ndi ichi, pa Replace with osalembapo kanthu:

```
^[\d/]+, [\d:]+ - [^:\r\n]+\R
```

Mlembi wanzeru amayamba wadina Find Next kangapo kuti aone zimene zikufuna kupita. Mzere wonena kuti membala wina anatuluka m'gulu mkangano wa ngongole uli m'kati ndi nkhani payokha, ndipo angafune kuusiya ngati ndemanga ya m'mbali, monga mmene sewero limanenera kuti munthu watuluka pabwalo.

Tsopano madeti akhoza kupita. Chofufuzira ndi `^[\d/]+, [\d:]+ - ` pamodzi ndi mpata wakumapetowo, ndipo Replace with ikhale yopanda kanthu. Mizere yatsala 5, uliwonse ukuyamba ndi dzina.

Chatsala ndi kuphatikiza mauthenga otsatizana a munthu mmodzi. Anthu ambiri pa foni salemba ndime, amaponya timauthenga tifupitifupi tisanu kapena tisanu ndi timodzi, ndipo dzina lawo limabwerezeka mzere ndi mzere. Mzere woyamba pansipa ndi wa pa Find what, wachiwiri wa pa Replace with, ndipo wachiwiriwo umathera ndi mpata:

```
^([^:\r\n]+): (.*)\R\1: 
\1: \2 
```

Pulogalamu imagwira dzina la pa mzere woyamba, n'kuona ngati mzere wotsatira ukuyamba ndi dzina lomwelo. Zikafanana, imachotsa dzina lachiwirilo n'kukokera mawuwo pamwamba. Kudina kumodzi kumaphatikiza mizere iwiriiwiri yokha, choncho Replace All imadinidwa mobwerezabwereza mpaka pansi pa bokosi palembedwe kuti palibenso chasinthidwa. Chitsanzo chija chimathera apa:

```
Wapampando: Mwaswera bwanji nonse Msonkhano uli Loweruka
Msungichuma: Amene sanabweze ngongole: / atatu a Januwale / awiri a Febuluwale
Mlembi: <Media omitted>
Wapampando: Zikomo, tamva
```

Kuphatikiza kumeneku kuli ndi msampha wake, ndipo msamphawo ndi nthawi. Wapampando akakhala kuti analemba womaliza Lachiwiri usiku, gulu n'kukhala chete, iye yemweyo n'kudzayambanso Lachisanu m'mawa ndi nkhani ya maliro, pulogalamu imamata mauthenga awiriwo ngati ananenedwa mpweya umodzi. N'chifukwa chake madeti asanachotsedwe ndi bwino kudutsa m'fayilo n'kuika mutu waung'ono paliponse pamene tsiku lasintha. Mutuwo umaikidwa ntchito yolumikiza michira itatha, apo ayi nawonso umezedwa, ndipo ukakhala pakati pa mizere iwiri ya munthu mmodzi umaletsa kuti imatane.

Mzere wa Mlembi uja ukusonyeza malire a ntchito yonseyi. Mawu akuti `<Media omitted>` sanena ngati chinali chithunzi cha lisiti kapena uthenga wa mawu wa mphindi zitatu. M'magulu amene anthu amakonda kujambula mawu kusiyana ndi kulemba, mfundo zikuluzikulu zimabisala m'mizere imeneyi, ndipo kuifufuta kumasiya Wapampando akuthokoza chinthu chimene palibe wanena. Munthu akatulutsa macheza pamodzi ndi zithunzi, mzerewo umakhala ndi dzina la fayilo: pa Android la uthenga wa mawu limayamba ndi `PTT-` n'kuthera ndi `.opus`, la chithunzi limayamba ndi `IMG-`. Kuchokera apo palibe chidule, ndi kumvetsera n'kulemba ndi dzanja.

Palinso zina zimene fayilo sitenga n'komwe. Pa foni, munthu akayankha uthenga wa dzulo, uthengawo umaoneka pamwamba pa yankho lake, koma m'fayilo mumangotuluka yankho lokha. Motero "Ine sindikuvomereza" amaoneka ngati akutsutsa mzere umene uli pamwamba pake, pamene mwini wake ankatsutsa zina za maola asanu apitawo. Amene ankangovomereza poika kachithunzi ka chala pa uthenga wa mnzake saonekanso. Wokonza ayenera kukhala ndi foni pambali n'kumayerekeza pamene nkhani yalumpha modabwitsa.

Mayina nawo amatuluka mmene mwini foni anawasungira, si mmene eni ake amadzitchulira. Amene anasungidwa kuti "Wa Ngongole Uja" adzatuluka choncho pa mzere uliwonse, ndipo amene sanasungidwe amaoneka ndi nambala yake yonse ya foni. Zolembazo zisanaperekedwe kwa munthu wakunja kwa gulu, mayina ndi manambala amasinthidwa ndi Replace All wamba kuti akhale maudindo kapena zilembo, ndipo eni mawuwo amafunsidwa kaye ngati akulola. Kope loyambirira lija lisungidwe osakhudzidwa, chifukwa pakabuka mkangano woti ndani ananena chiyani ndipo liti, zokambirana zokonzedwazo zilibenso deti kapena nthawi yoti munthu n'kulozapo.